Kodi Exp(B) ya 2.67 ikunena chiyani za okhoza mayeso?

"Ndikuchita kafukufuku wa digiri yanga m'sukulu za sekondale zoyendera kuno ku Kasungu. Nditagwiritsa ntchito njira yosanthula ziwerengero yotchedwa lojisitiki rigireshoni mu pulogalamu ya pakompyuta ya SPSS, ndapeza Exp(B) ya 2.67 pa ophunzira amene ali ndi mabuku awoawo. Kodi ndilembe kuti mwayi wawo wokhoza MSCE ndi wochuluka pafupifupi katatu?"

Musalembe choncho, chifukwa nambala imeneyi siyerekeza maperesenti a okhoza. Imayerekeza maodzi, ndipo odzi ndi chiwerengero cha okhoza mutachigawa ndi chiwerengero cha olephera m'gulu lomwelo.

Tiyerekeze kuti mwa ophunzira 100 amene ali ndi mabuku, 80 akhoza ndipo 20 alephera. Odzi yawo ndi 4, kutanthauza kuti pa wolephera mmodzi aliyense pali okhoza anayi. Mwa ophunzira 100 opanda mabuku, tinene kuti 60 akhoza ndipo 40 alephera, zomwe zikupereka odzi ya 1.5. Mukagawa 4 ndi 1.5 mupeza 2.67, ndipo imeneyi ndiyo odzi reshiyo imene SPSS imaitcha Exp(B). Koma taonani maperesentiwo: 80 kugawa ndi 60 ndi 1.33 basi. Mwayi wa opanda mabuku utachulukitsidwadi ndi 2.67, bwenzi okhoza ali 160 pa 100 alionse, zomwe sizingatheke. Nambala ziwirizi, ya odzi reshiyo ndi yoyerekeza maperesenti, zimayandikana pokhapokha chinthu chikuyezedwacho chikakhala chosachitikachitika, monga chochitikira anthu osakwana 10 pa 100, pamene kukhoza mayeso kumachitikira ophunzira ambiri.

Choncho lembani kuti odzi yokhoza ya amene ali ndi mabuku ndi yochuluka ka 2.67 poyerekeza ndi ya amene alibe, ndipo ngati munaphatikizamo zina monga msinkhu kapena mtunda wopita kusukulu, onjezani kuti mukuyerekeza ophunzira ofanana pa zimenezo. Ineyo ndimalangiza kuikanso maperesenti pambali pake, chifukwa mphunzitsi wamkulu kapena kholo amamva msanga 80 ndi 60 kusiyana ndi 2.67.

Musanakhulupirire nambalayi, onani tebulo la Dependent Variable Encoding kuti mutsimikize kuti kukhoza kwapatsidwa 1. Zikasemphana, chitsanzo chathuchi chingatulutse 0.375, ndipo mungalembe molakwa kuti mabuku amalepheretsa ana. Onaninso malire a 95% C.I. for EXP(B), osonyeza pamene odzi reshiyo yeniyeni ingakhale, omwe m'chitsanzochi ndi 1.42 mpaka 5.02. Odzi reshiyo ya 1 imatanthauza kuti magulu sakusiyana, ndiye popeza 1 sali pakati pa malirewo, pali umboni woti magulu awiriwa akusiyana, ngakhale kutalikirana kwa malirewo kukusonyeza kuti kukula kwa kusiyanako sikunadziwike bwino.

Pewaninso kulemba kuti mabuku ndiwo akhozetsa anawo. Banja lokwanitsa kugula mabuku nthawi zambiri limakwanitsanso nyale yowerengera usiku ndi kulipira fizi pa nthawi yake, ndiye ngati muli ndi mayankho okhudza kapezedwe ka pakhomo, aphatikizeni muone ngati 2.67 itsike.