Kalata ya dambo yopita ku khonsolo: masamba awiri akwana

"Aphungu, ndine wophunzira za chilengedwe ku Bunda, kwathu ndi ku Bembeke ku Dedza. Ndinachita kafukufuku pa dambo la kwathu lomwe likuuma. Aphunzitsi akuti ndilembe kalata yachidule yolangiza akuluakulu a khonsolo, koma lipoti langa ndi la masamba 60. Ndiyambire pati?"

Yambirani kwa munthu amene adzaiwerenge. Bwanamkubwa wa boma adzangoiponya maso msonkhano usanayambe, ndipo amene adzaigwiritse ntchito kwenikweni ndi mkulu woona za chilengedwe pa khonsolo pamodzi ndi a zaulimi oona za kusamalira nthaka. Choncho musapitirire masamba awiri, ndipo ndime yoyamba inene izi: dambo lake ndi liti, m'dera la mfumu iti, chaonongeka n'chiyani, ndiponso mukufuna khonsolo ichite chiyani. Mbiri ya kafukufuku ndi mabuku amene munawerenga zitsale mu lipoti lija.

Pa umboni ndiye pofunika kudekha, chifukwa ambiri amangolemba kuti "dambo laonongeka kwambiri". Mawu amenewa sangasunthe munthu. Tsekulani Google Earth Pro, mupeze zithunzi zakale za dambolo, muzungulize malo obiriwira ndi kuwerenga mahekitala ake. Tiyerekeze kuti mwapeza mahekitala 40 mu Okutobala 2012 ndi 25 mu Okutobala 2023. Mulembe kuti mahekitala 15 atha m'zaka 11, ndipo zithunzi ziwirizo muziike moyandikana. Koma mwezi ukhale umodzimodzi. Mukafanizira chithunzi cha Epulo ndi cha Okutobala, mlangizi wa zaulimi aliyense adzaona kuti mwafanizira nthawi ya chinyontho ndi ya chilimwe, ndipo kalata yonse adzaikayikira. Pewaninso chaka chotsatira chilala, monga 2016, chifukwa kuuma kwa chaka chimodzi si kufa kwa dambo.

Kenako mupite nokha ndi chingwe choyezera. Ngati pakati pa dambo pang'ambika chigwembe, yezani kuya ndi kutalika kwake, mujambule munthu ataima m'kati kuti kukula kwake kuoneke. Chigwembe chimenechi nthawi zambiri ndicho chimapha dambo: chimakhala ngati ngalande, chimakoka madzi a m'mbali zonse, ndiye madzi a pansi amatsika mpaka mizu ya udzu osawafikanso. Mudzazindikira poona zitsime za m'madimba. Funsani amayi amene amathirira kachewere ndi kabichi kuti kale ankatunga ndi chingwe chotalika bwanji mu Okutobala, nanga pano. Mulembe kuti munafunsa anthu angati, ndipo musiyanitse zimene munayeza nokha ndi zimene munauzidwa. Chimene simunayeze, monga madzi amene bulugamu wa m'mphepete akumwa, musachilembe ngati chotsimikizika.

Tsopano malangizo. Apa ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: musalembe kuti alimi achotsedwe m'dambo. Inu mukudziwa kuti fizi ya ana ambiri ku Bembeke imachokera m'madimba omwewo. Palibe khansala kapena gulupu amene angaimire mawu otero pamaso pa anthu ake, ndipo kalata yanu idzangogona m'kabati.

Malangizo atatu akwana, ndipo lililonse linene wochita, nthawi ndi mtengo. M'malo molemba kuti "anthu aphunzitsidwe kusamala chilengedwe", lembani kuti a zosamalira nthaka ndi komiti ya VDC amange timipanda ta miyala m'chigwembe, kuyambira kumutu kwake, mvula isanayambe, ndipo vetiva adzalidwe mu Disembala nthaka ikanyowa. Lachiwiri likhoza kukhala lamulo la m'mudzi, lokhazikitsidwa ndi agulupu, losiya mzere wa udzu wosalimidwa m'mbali mwa mtsinje ndi kusamutsira oumba njerwa kumtunda. Kukula kwa mzerewo mugwirizane ndi alangizi a m'deralo musanalembe. Mtengo muuwerengere pa mitengo ya ku Dedza komweko, miyala mangolo angati, aganyu masiku angati, ndipo muonetse gawo limene mudzi ungathe wokha. Ngati mutchula lamulo, la zachilengedwe la 2017 kapena la madzi la 2013, liwerengeni kaye mutchule gawo lenileni.

Musaitumize osaonetsa mkulu wa zachilengedwe uja. Iye akuuzani zimene zinayesedwa kale ndi tsiku limene komiti yawo ikumana. Chaka cha ndalama za boma chimayamba mu Epulo, choncho kalata ifike miyezi ingapo m'mbuyo, pamene bajeti ikukonzedwa. Ya ku ofesi mulemba m'Chingerezi, koma mukonzenso tsamba limodzi m'Chichewa loti likawerengedwe pa msonkhano wa ADC, mafumu ali pomwepo.