Mavyuzi 18,000 usiku umodzi, ndiwalembe mu lipoti?

"Ankolo, vidiyo ya kuntchito kwathu ya pa YouTube, ya maminitsi 6 ija, imapeza mavyuzi ngati 300 patsiku. Usiku wa dzulo Lachiwiri yangokwera ndi 18,000. Abwana asangalala kale, ndipo lipoti la mwezi ndipereka Lachisanu. Ndingolemba, kapena pali chinachake chosayenda bwino?"

Mphwanga, usalembe kaye. Ndikuyankha ndi mawu chifukwa kutayipa zonsezi zala zingatope, ena nonse mu gulupu muno mungopirira.

Choyamba chita lero lomwe, usadikire mawa. Lowa mu YouTube Studio pa kompyuta, tsegula vidiyoyo, upite pa Analytics. Pambali pali kabokosi kolembedwa Realtime, kamene kamaonetsa mavyuzi ola ndi ola, koma kwa maola 48 apitawa okha. Akadutsa maola amenewo uzingoona chiwerengero cha tsiku lonse, ndiye umboni wabwino kwambiri wapita. Jambula sikirini imeneyo tsopano.

Ukajambula, yang'ana maonekedwe a timizere timeneto. Anthu enieni akaikonda vidiyo, chiwerengero chimakwera pang'onopang'ono, chimafika pamwamba, kenaka chimatsika mwaulesi kwa masiku angapo, chifukwa wina amatumizira mnzake, mnzakeyo amaonera mawa lake. Komanso anthu amagona, ndiye usiku timizere timafupika. Mavyuzi ogula amabwera ngati madzi a pampopi, wina watsegula, wina watseka. Ola lino 12, ola lotsatira 3,000, maola 6 onse 3,000 yemweyo mosasintha, kenaka mwadzidzidzi 12 kachiwiri. Ukaona khoma loongoka chonchi, mbali zonse ziwiri, yamba kukayikira. Koma kukayikira kokha, sunagamule.

Tsopano funso lalikulu ndi lakuti anthuwa adzera khomo liti. Pita pa Reach. Pamenepo pali nambala yotchedwa Impressions, imene imawerenga kuti kachithunzi ka vidiyo yako kaonetsedwa kangati kwa anthu mkati mwa YouTube momwemo. Ngati YouTube yeniyeniyo ndi imene yaikankha vidiyo yako, nambala imeneyi iyenera kukwera kwambiri kuposa mavyuziwo. Tinene kuti mwa anthu 100 oona kachithunziko amadina 5. Kuti upeze mavyuzi 18,000 mwa njira imeneyo, kachithunziko kayenera kuonetsedwa ka 360,000. Ndiye ngati Impressions ili pomwe imakhala masiku onse pamene mavyuzi auluka, kawirikawiri ndiye kuti oonerawo sanaipeze okha vidiyoyo pa YouTube, achita kubweretsedwa kuchokera kunja.

Pansi pake pali mndandanda wa magwero, ndi umene ukuuze kunjako ndi kuti. Ukaona kuti gawo lalikulu lili pa Browse features kapena Suggested videos, mtima ukhale pansi pang'ono, imeneyo kawirikawiri ndi YouTube yokha. Ukaona External, dina uone mayina a mawebusayiti. Likakhala dzina lodziwika, nyuzipepala kapena tsamba la mchezo limene munthu wotchuka waikapo linki yanu, pita ukaione linkiyo ndi maso ako, ukaipeza nkhani yatha, mavyuziwo ndi enieni. Koma akakhala mayina achilendo, zilembo zosamveka, tsamba loti ukalitsegula mulibe chilichonse chokhudzana ndi ntchito yanu, kapena pafupifupi zonse zaunjikana pa Direct or unknown, pamenepo fungo layamba kumveka.

Pali gwero lina limene limasokoneza anthu ambiri, lolembedwa YouTube advertising. Limenelo si maboti ayi, makina aja onamizira kuti ndi anthu oonera. Zikutanthauza kuti wina kuntchito kwanuko, kapena kampani imene imakutsatsirani malonda, walipira kuti vidiyoyo ioneke ngati malonda, mwa njira yovomerezeka. Mavyuzi amenewo ndi ololedwa, koma mu lipoti amakhala pa mzere wawo, chifukwa ndi olipira, si oti anthu anaifuna okha vidiyoyo. Ndiye usanaloze chala munthu, funsa kaye ngati pali amene anayatsa kampeni Lachiwiri.

Apa ndiye pamene ndikufuna ukhalitsepo, pa nthawi imene anthu aonera, chifukwa wogulitsa mavyuzi amagulitsa chiwerengero, sagulitsa chidwi. Pita pa Engagement uone Watch time ndi Average view duration. Tiwerengere limodzi. Tinene kuti masiku onse munthu amaonera maminitsi 2 ndi theka mwa 6 aja. Anthu 300 ndiye kuti maminitsi 750, omwe ndi maola 12 ndi theka patsiku. Akanakhala kuti 18,000 aja aonera ngati anzawo, ukanaona maola 750 owonjezera. Chabwino, vidiyo ikafika kwa alendo osaidziwa kampani yanu nthawi imatsikako, zimenezo n'zachibadwa, tinene ifike maola 400 kapena 500. Koma ukapeza maola 150 okha, gawa uone: aliyense waonera masekondi 30 basi.

Ndipo usathere pa avareji, yang'ana galafu yoonetsa pamene anthu amasiyira kuonera. Sankha masiku a chiwonjezekocho okha, uyerekeze ndi sabata yapitayo. Anthu enieni amachoka mosiyanasiyana, wina pa sekondi 10, wina pa miniti 3, ena amabwerera kumbuyo kukaonanso pamene pawasangalatsa, ndiye mzere umatsetsereka uli ndi timabampu. Makina amauzidwa nthawi yoti akhale. Mzere umayenda mowongoka pamwamba, kufika pa sekondi inayake, n'kugwa pansi onse nthawi imodzi. Anthu masauzande sangatope pa sekondi imodzimodzi, mphwanga. Chizindikiro chimenechi ine ndimachikhulupirira kuposa zina zonse.

Zotsalazo n'zachangu. Malayiki, ndemanga ndi olembetsa tchanelo atsopano, ngati masiku onse umapeza malayiki 12 pa mavyuzi 300, ndiye pa 18,000 wapeza 15, palibe munthu anali kumeneko. Nthawi zina ndemanga zimabwera, koma zonse zofanana, mawu awiri oyamikira osatchula kanthu ka mu vidiyomo, zimenezonso amagulitsa. Kenaka dina Advanced mode uone Geography ndi Device type. Dziko limodzi limene simugulitsako kanthu, anthu ake samva n'komwe chilankhulo cha mu vidiyoyo, likutenga pafupifupi zonse, kapena oonera anu amakhala a pafoni koma usiku umenewo onse ndi a pakompyuta. Ukadali momwemo, tsitsa manambalawo ngati .csv uwasunge.

Iwe wati vidiyo ndi ya maminitsi 6, ndiye ichi sichikukhudza lero, koma uchidziwe poti mumaikanso tifupitifupi tija. Kuyambira pa 31 Malichi 2025, pa Shorts YouTube imawerenga vyu nthawi iliyonse kavidiyo kakangoyamba kapena kubwereza, ngakhale munthu angodutsa. Kawerengedwe kakale anakasiya pa dzina lakuti Engaged views. Ndiye kumeneko chiwerengero chachikulu chokhala ndi nthawi yochepa si umboni wa maboti.

Ndikuuzenso malire ake, usadzanene kuti ankolo anati n'zophweka. Chizindikiro chimodzi pachokha sichigamula mlandu. Direct or unknown imakweranso anthu akamakopera linki n'kutumizirana m'mauthenga. Dziko lachilendo litha kukhala loti kuli anthu anu ambiri okhala kumeneko. Ndimayamba kunena molimba mtima zikagwirizana zitatu kapena zinayi: khoma loongoka, gwero losadziwika, kugwa pa sekondi imodzi, ndi malayiki osasuntha. Komanso ogulitsa ochenjera sathira zonse usiku umodzi, amadontheza pang'onopang'ono kwa masabata, amenewo amagwidwa poyerekeza mwezi ndi mwezi, ukaona mavyuzi akukwera koma odina linki yopita ku webusayiti yanu kapena ofunsa za katundu ali pomwepo.

Nanga ukangolemba chimachitika n'chiyani? Mwezi wanu weniweni ndi mavyuzi ngati 9,000, ndiye kuti 300 kwa masiku 30. Ukaphatikiza 18,000 ukulemba 27,000, ndipo magawo awiri mwa atatu a nambala imeneyo ndi mphepo. Ngati 18,000 aja anaonera masekondi 30 basi, avareji ya nthawi yoonera itsika kuchoka pa masekondi 150 kufika pa 70, ndiye wowerenga lipoti aganiza kuti vidiyoyo ndi yotopetsa pamene anthu enieni akuikonda. Ndalama zimene munawononga mukazigawa ndi mavyuzi zioneka ngati mwatchipitsa katatu. Mwezi wamawa mukabwerera pa 9,000, afunsa iwe kuti walakwitsa chiyani. Choopsa china n'chakuti YouTube imapitiriza kuunika mavyuzi ngakhale atawerengedwa kale, ndipo amene yawaona kuti ndi abodza imawachotsa. Utha kupereka lipoti Lachisanu, Lolemba abwana n'kutsegula vidiyo n'kupeza nambala yatsika. Kugula mavyuzi kumaphwanyanso malamulo awo, moti vidiyo itha kuchotsedwa ndipo tchanelo chitha kulangidwa.

Ndiye lipotilo ulembe chonchi. Nambala yaikulu ya pamwamba ikhale yopanda chiwonjezekocho. Njira yake, mu Advanced mode ona mavyuzi a gwero lokayikitsalo pa masiku amenewo, uwachotse pa chiwerengero chonse, uchitenso chimodzimodzi ndi maola oonera, kenaka uwerengenso avareji. Zikavuta kupatula ndi gwero, chotsa masiku awiri a Lachiwiri ndi Lachitatu, m'malo mwake uikemo chiwerengero cha masiku wamba, ndipo unene kuti watero. Pansi pake ika mzere wina wakuti mavyuzi 18,000 a usiku wa Lachiwiri sanatsimikizike, ndi zifukwa ziwiri kapena zitatu, ndi chithunzi cha galafu ija. Usalembe kuti wakutiwakuti anagula, manambala amaonetsa kuti mavyuzi ndi okayikitsa, saonetsa amene walipira. Munthu aliyense amene ali ndi linki atha kuigulira vidiyo mavyuzi, ngakhale wakunja. Ndipo vidiyoyo musaifufute chifukwa cha mantha, mukafufuta umboni wambiri upita nayo.

Lachinayi madzulo udzayang'anenso, chifukwa manambala a mu Analytics amatenga masiku ngati awiri kuti akhazikike, mwina udzapeza ena achotsedwa kale. Abwanawo uwauze mawa m'mawa pa awiri, asadzamvere pa msonkhano. Ndipo ngati pali kampani yakunja imene munaipatsa ntchito yokweza vidiyoyi, makamaka ngati inalonjeza chiwerengero chakutichakuti cha mavyuzi, muipemphe ikuonetseni lipoti la kampeniyo kuchokera mu Google Ads, lokhala ndi masiku ndi ndalama zimene zinalowa. Amene anatsatsa mwachilungamo amalitulutsa mosavuta. Nditumizire ku inibokosi zithunzi za Realtime, Reach ndi galafu ya nthawi ija, osati mu gulupu muno poti ndi za kuntchito, ndizione usiku uno.