Chichewa chake n'cholondola, koma pansi pake pakumveka Chingerezi

"Kuntchito andipatsa kapepala ka malangizo a zaumoyo kamene mnzathu wina anamasulira kuchokera m'Chingerezi. Mawu aliwonse ali m'malo mwake, koma ndikawerenga mokweza lilime likuchita kupunthwa. Abwana akuti ndisalaze popanda kusintha tanthauzo. Ndiyambire pati?" Akufunsa motero mayi wina wa ku Dedza.

Mayi, kalata yanu yandikumbutsa khonde la azakhali anga. Munali mu 2022, chaka chimene kolera inayambira ku Machinga m'mwezi wa Malichi n'kufalikira dziko lonse. Bungwe lina linandipatsa ganyu yomasulira kapepala ka matenda otsegula m'mimba, masamba awiri okha, ndipo linkakafuna mawa lake. Ndinagwira usiku wonse, chiganizo ndi chiganizo, osadumpha liwu ngakhale limodzi. M'mawa ndinapeza azakhali akupeta mpunga, ndinawapempha kuti andimvetsere. Iwowa analera ana asanu ndi awiri, ndipo za mwana wotsegula m'mimba amazidziwa kuposa ine.

Ndime imene ndinawawerengera inali iyi:

"Ndi zofunika kuonetsetsa kuti mwana amene ali ndi kutsegula m'mimba akupatsidwa madzi a Thanzi amene akonzedwa pogwiritsa ntchito paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezeka pambuyo pa chimbudzi chilichonse chomasuka. Ngati kusanza kwachitika, kuperekedwa kwa madziwo kuyenera kuyambidwanso pambuyo pa mphindi 10. Madzi otsala ayenera kutayidwa pambuyo pa maola 24."

Anaika lichero pansi. "Mwana wanga, akupatsidwa ndi ndani? Ine kapena adokotala? Nanga chimbudzi chomasuka ndiye chiti?" Ndinayamba kuwafotokozera pakamwa, osayang'ananso pepala. Ndinati mwana akatsegula m'mimba musungunule paketi imodzi, muzimumwetsa, akasanza mudikire pang'ono. Iwo anangoti, "Nanga bwanji sunalembe zimenezo?"

Funso lija limandipwetekabe, chifukwa kapepala kakanapita momwemo, mayi wina kumudzi akanakawerenga usiku mwana ali lefu pamiyendo, osadziwa kuti ntchitoyo ndi yake.

Tayang'anani bwino ndimeyo. Palibe liwu lachilendo, ndipo mphunzitsi wa galamala sangapezepo poika cholembera chofiira. Chavuta n'chakuti munthu wochita zinthu wasowa. Chingerezi cha m'maofesi chimakonda kubisa wochitayo: chinthu chimapatsidwa, chimakonzedwa, chimatayidwa, koma wopatsa ndi wotaya saoneka. Chimakondanso kusandutsa zochita kukhala mayina, n'chifukwa chake timapeza "kusanza kwachitika" m'malo moti "akasanza". Ife mphamvu ya chiganizo timaisenzetsa mneni. M'liwu limodzi loti "muzimumwetsa" muli inuyo wochita, muli mwanayo, muli chizolowezi chobwerezabwereza, muli ndi lamulo laulemu. Womasulira liwu ndi liwu amamwaza zonsezi m'mawu asanu ndi limodzi, kenako n'kumadabwa kuti Chichewa chimatalika. Sichitalika ayi, timachitalikitsa ndife pochiyendetsa m'mapazi a eni.

Ndipo ndinene mosabisa: sindigwirizana ndi anthu amene amati kutsatira liwu lililonse ndiko kukhulupirika. Ndamvapo akuluakulu a m'maofesi akuwerenga mizere ya Chingerezi ndi ya Chichewa, n'kufunsa chifukwa chake kuno kuli ziganizo zitatu pamene uko ziwiri. Amene ayenera kusamalidwa ndi mayi wa mwana wodwalayo, ndipo iye Chingerezicho sadzachiona. Nkhani imeneyi si yatsopano. Buku Lopatulika la 1922 linatsata kwambiri kayalidwe ka mawu a zinenero zoyambirira, ndipo Buku Loyera la 1998 linalembedwa ndi cholinga choti limveke monga anthu amayankhulira. Ambiri timakonda lakalelo chifukwa tinakula nalo ndipo mlaliki amatitambasulira pa guwa. Kapepala ka zaumoyo kalibe mlaliki. Kamafika kokha m'manja mwa munthu, ndipo kayenera kumveka ulendo woyamba.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti makutu athu ayamba kuzolowera. Pa wailesi timamva "pamapeto pa tsiku" pamene nkhani sikukhudza dzuwa kulowa, timamva kuti wina "wasewera gawo lalikulu" pamene anangotengapo mbali, timamva za "kupanga chiganizo" ngati kuti chiganizo ndi mpando wa kalipentala. Ife a m'tauni sizitipunthwitsanso. Ndiye ukamasalaza zolemba, khutu lako lokha silikwanira, chifukwa nalonso linamwa madzi omwewo.

Mmene ndinaikonzera ndime ija

Sindinayambe ndi kusintha mawu amodziamodzi. Ndinayesapo kale njira imeneyo pa ntchito zina ndipo imangokhala ngati kupaka laimu khoma long'aluka. Ndinawerenga Chingerezicho kawiri, n'kuchitembenuza chafufumimba, kenako ndinadzifunsa kuti akuuzidwayo ndani, achite chiyani, ndipo choyamba n'chiti. Zochita zinapezeka zinayi: kusungunula, kumwetsa, kudikira akasanza, kutaya otsala. Ndinazindandalika monga zimachitikira m'nyumba, chifukwa m'ndime yoyamba ija kumwetsa kunabwera kusungunula kusanatchulidwe. Zinatuluka chonchi:

"Mwana akatsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini. Muzimumwetsa nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzimadzi. Akasanza, dikirani mphindi 10, kenako mupitirize kumumwetsa. Pakatha maola 24, tayani otsalawo."

Kachigawo kakang'ono ka "ka" mu "akatsegula", "akasanza" ndi "pakatha" kagwira ntchito yonse imene "ngati" ndi "pambuyo pa" ankalimbana nayo. "Ndi zofunika kuonetsetsa kuti" ndinangochotsa, popeza lamulo lenilenilo lanena kale kuti n'zofunika. Ma "amene" awiri aja anachoka okha nditadula chiganizo chachitalicho. "Madzi otetezeka" ndinawatchula chimene ali, koma ndinayamba ndafunsa eni kapepalako ngati ankatanthauza owiritsa ndi othira mankhwala, ndipo anavomera.

Aneni a tsiku ndi tsiku ndiwo amaulula msanga kuti pansi pali Chingerezi. Chingerezi chili ndi liwu limodzi pa ntchito imene ife timaigawa panayi: m'manja timasamba, mbale timatsuka, zovala timachapa, kumaso timasukusula. Pa tsamba lachiwiri ndinali nditalemba "tsukani manja anu ndi madzi othamanga". Manjawo asanduka mbale, "anu" alibe ntchito chifukwa palibe angasambe m'manja mwa mnzake, ndipo madzi othamanga ndi a mumtsinje nthawi ya dzinja. Chimene chinkafunika ndi "sambani m'manja ndi sopo, madzi ake akhale a pampopi kapena ochita kuthirirana, osati osambira m'beseni limodzi". Chimodzimodzi "tengani mankhwala". Munthu akhoza kutenga n'kuika m'thumba. Mankhwala timamwa, ena timadzola, ena timadontheza m'maso, ena timabayitsa, ndipo womasulira ayenera kudziwa kuti awa ndi ati asanasankhe mneni. "Mwana atengedwe kuchipatala" ndi "pitani naye kuchipatala", ndipo ngati Chingerezicho chikuti msangamsanga, "thamangirani naye".

Koma pali mbali ina imene ndiyenera kukuchenjezani, chifukwa ndinatsala pang'ono kulakwitsa kwambiri kuposa poyamba. Nditaona kuti kusalaza kukuyenda, dzanja linapepuka. Ndinaganiza kuti "lita" ndi liwu la kusukulu, ndiye ndinalemba "botolo limodzi la madzi". Zinkamveka bwino zedi. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu ataona anagwira pakamwa. Anandifunsa kuti botolo lake liti, popeza m'nyumba za anthu muli la zoziziritsa kukhosi la mamililita 300, la theka la lita, ndi la malita awiri. Paketi yonse ikasungunulidwa m'kabotolo kakang'ono, mchere umachuluka kupitirira katatu, ndipo madzi otero akhoza kumuvulaza mwana amene thupi lake lauma kale. Lita inabwerera pamalo pake. Kumene kukufunika kuthandiza owerenga, mukhoza kuwonjezera kuti ndi mabotolo awiri a theka la lita, koma muyezowo usachoke.

Msampha wina wofanana nawo uli pa zaka. "Ana osakwana zaka zisanu" ndi "ana osapitirira zaka zisanu" zimamveka ngati chimodzi, koma mwana amene wakwanitsa zaka zisanu ali kunja kwa gulu loyamba ndipo ali mkati mwa lachiwiri. Khutu limasankha chimene chikutsetsereka bwino, pamene nkhani ya mlingo wa mankhwala imafuna chimene chili choona. N'chimodzimodzi "muyenera" ndi "mukhoza", kapena "maola 24" ndi "tsiku likatha". Wosungunula Thanzi madzulo angamve kuti ataye pogona.

Tsono inu mayi, chitani chonchi ndi kapepala kanuko. Musanakhudze chilichonse, lembani mzere pansi pa manambala onse, miyezo, mayina a mankhwala, mawu okaniza ndi mawu olamula m'Chingerezicho. Zimenezo ndi zosasuntha. Kenako tengani ndime imodzi, muimvetse, muibise, muinene pakamwa ngati mukuuza mnansi wanu pachitsime, ndipo mulembe zimene mwanenazo. Sankhani kumayambiriro kuti mukuyankhula ndi "inu" ndipo musasinthe pakati. Mukamaliza, bwererani ku mizere ija n'kuona kuti chilichonse chilipo, ndiponso kuti simunawonjezere malangizo anuanu. Ine ndinafuna kulemba "pang'onopang'ono" pa kumwetsa mwana amene wasanza, zomwe ndi zoona ndithu, komabe ndinayamba ndapempha chilolezo chifukwa m'Chingerezicho munalibe.

Pomaliza muwerengereni munthu amene Chingerezicho sanachione, makamaka wa msinkhu ndi dera la amene adzalandire kapepalako. Musamufunse ngati zikumveka, chifukwa mwaulemu adzati inde. Mufunseni kuti, "Mwana wanu atasanza, mungatani?" Akayankha kuti adikira mphindi 10 n'kupitiriza kumumwetsa, ndimeyo yatheka. Akayamba kukufunsani kuti wochitayo ndani, monga anachitira azakhali anga, ilembeninso. Kwa abwana anu mukapite ndi mapepala onse awiri, lakale ndi latsopano, pamodzi ndi mndandanda wa manambala ndi miyezo ija kuti aone okha kuti palibe chasuntha.