Ndamasulira ndime za eni, kodi ndaba?

"Abale thandizeni. Ndalemba nkhani ya mwambo wa Kulamba, ndime ziwiri ndatenga pa intaneti za Chingerezi nkuzimasulira ndekha, kumapeto ndalemba kuti zachokera pa Google. Mnzanga akuti ndaba. Zoona?"

Asisi, mnzanuyo sakunama, koma musataye nkhaniyo, ikonzeka.

Google si mwini wa chinthu, iye amangokulozerani njira chabe. Kulemba kuti zachokera pa Google zili ngati munthu akufunseni kuti nshawa izi analima ndani inu nkuyankha kuti zabwera pa basi. Ndime zija pali amene anakhala pansi nkuzilemba, ndiye woyenera kutchulidwa. Ndipo kumasulira sikusandutsa ndime kukhala yanu, chifukwa ganizo loyamba, lachiwiri, chitsanzo chake, kayalidwe konse ndi kake, inu mwangosintha chilankhulo. Kuno ku Zambia lamulo la kopelaiti la 1994 limateteza zolemba za munthu olo sanakalembetse kulikonse, ndipo kumasulira ndi chimodzi mwa zinthu zofunika chilolezo cha mwini. Olo mutalemba dzina lake bwinobwino pansi, ndime ziwiri zathunthu zikhalabe zotengedwa osapempha.

Chimene chilibe mwini ndi mfundo. Zoti Kulamba kumachitikira ku Mkaika ku Katete mu Ogasiti, zoti Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambiki amabwera kudzalamba Kalonga Gawa Undi, aliyense angalembe, bola mawu akhale ake. Ndiye chitani chonchi, werengani ndime zija kawiri, tengani kope mulembe mfundo zokhazokha mawu atatu anayi, malo, mwezi, ndani, chaka, kenako tsekani pejilo, ikani foni uko. Lembani kuchokera mu kope ngati mukufotokozera ambuya anu amene sanapite chaka chino. Peji likakhala lotsegula pambali diso limangothawira komweko, mupeza mwasintha mawu awiri atatu koma chiganizo nchomwe chija, kumeneko nkukopera ndithu.

Manje apa ndi pamene linki imagwira ntchito yake yeniyeni, ndipo ndipereke chitsanzo cha mu nkhani yanu yomweyi. Mukafika pa Gule Wamkulu muona ena alemba kuti UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inauzindikira mu 2005, ena akuti 2008, ndipo amene akungokoperana sadziwa chifukwa chake zikusiyana. Zaka zonsezo nzoona. Mu 2005 unalengezedwa kukhala chimodzi mwa zikhalidwe zapamwamba za anthu padziko, mu 2008 ndi pamene unalowa mu mndandanda watsopano wa UNESCO. Izi mumaziona mukapita kwa eni ake pa ich.unesco.org, osati kwa munthu wachitatu amene nayenso anangotola pena. Ndiye mu nkhani yanu mulembe kuti, malinga ndi UNESCO, Gule Wamkulu analowa mu mndandanda wawo mu 2008 atalengezedwa kale mu 2005, ndipo linki muiike pa mawu akuti "malinga ndi UNESCO" pomwepo m'chiganizomo. Osaunjika malinki onse kumapeto ayi, wowerenga sangadziwe kuti iti ikuchitira umboni mfundo iti. Linkiyo ifike pa peji lenileni la Gule Wamkulu, osati pa khomo la webusaiti yonse kuti munthu azikasaka yekha ndi mabando ake ochepawo. Muidine nokha musanatumize, zambiri zimaduka pokopera.

Chinthu china chimandiwawa ine, munthu wapeza mfundo kwa mtolankhani wamng'ono wa kuno kwathu amene anakwera yekha mpaka ku Mkaika nkufunsa akuluakulu, koma potchula akutchula nyuzipepala yaikulu ya ku Lusaka kuti nkhani ioneke yolemera. Ayi. Kumene mwaitenga nkomwe mutchule, nayenso anthu amudziwe.

Ngati pali chiganizo chimene mwini anachinena mokoma moti simufuna kuchisintha, tengani chimodzi olo ziwiri basi, muchiike m'zizindikiro za mawu ogwidwa, dzina lake patsogolo, ndipo munene kuti mwamasulira ndinu. Za pa Wikipedia ndiye zosiyanako pang'ono, laisensi yawo ya CC BY-SA imalola kukopera ndi kumasulira, koma muyenera kuwatchula, kuika linki, ndipo chimene mwamasuliracho chikhale pa laisensi yomweyo kuti ena nawonso atenge.

Musanatumize bwererani ku ndime za Chingerezi zija muziike pambali pa zanu, muwerenge mzere ndi mzere. Mukaona kuti chiganizo chanu choyamba chikuyankhana ndi chake choyamba, chachiwiri ndi chachiwiri mpaka pansi, tsekaninso mulembe kachiwiri, muyambire pena, mwina pa zimene munaona nokha ku Mkaika. Za zithunzi ndiye musayese kulemba kuti "mwini sindimudziwa", mufunseni wojambulayo mu inibokosi, akakana ikani chanu cha pa foni.