PSA ya bambo yatuluka 8.4, kodi ndi khansa?

"Bambo anga ali ndi zaka 68. Usiku amadzuka kanayi mwina kasanu kukakodza, mkodzo umatuluka mofooka ndipo akamaliza amati ngati wina watsala. Sabata yatha ankamvanso kuwotcha pokodza ndiye tinapita nawo kuchipatala, anawapatsa mankhwala n'kuwatenganso magazi. Papepala palembedwa PSA 8.4 ndipo pambali akuti yoyenera isapose 4. Chiwerengereni sindikugona. Kodi ndi khansa?"

Achemwali, chomwe chandigwira maso mukalata yanuyi si 8.4 ayi, koma kuwotcha kuja. Magaziwo anatengedwa tsiku lomwe bambo anali ndi matenda a m'njira ya mkodzo, ndipo nthawi imeneyo PSA, muyezo wa m'magazi wofufuzira za pulositeti, imanama kwambiri. Ndifotokoze.

Pulositeti ndi kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake penipeni ngati paipi yoboola chipatso. Mwa mnyamata kamalemera magalamu 20 kapena 25 basi, koma munthu akamakula nako kamakula, ena mpaka kuwirikiza katatu kanayi, ndiye kamafinya paipi ija. Ndi zimenezo mukuziona kwa bambo, kuima nthawi yaitali mkodzo usanayambe, kutuluka modukizadukiza, kudonthera m'kabudula atamaliza kale, kudzuka usiku pafupipafupi chifukwa chikhodzodzo sichikukhuthula zonse ndiye sichichedwa kudzadzanso. Kukula kumeneku si khansa ndipo sikusanduka khansa, pofika zaka 60 pafupifupi theka la amuna amakhala nako. Chomwe anthu ambiri sadziwa n'chakuti khansa ya pulositeti ikamayamba kawirikawiri siivutitsa mkodzo n'komwe, chifukwa imakonda kumera chakunja kwa chiwalocho, kutali ndi paipi. Ndiye kuvutika kukodza sikutiuza kuti khansa ilipo, komanso amene akukodza bwinobwino asadzitame kuti alibe. Zinthu ziwirizi zimangokonda msinkhu umodzi, nthawi zina zimapezeka mwa munthu mmodzi.

Tsono PSA ndi chinthu chomwe pulositeti iliyonse imapanga, yabwino ndi yodwala yomwe, ndipo pang'ono chimalowa m'magazi. Pulositeti ikakhala yaikulu imapanga yambiri. Ikatupa ndi matenda, kapena mkodzo ukatsekeka n'kuwaika paipi, imataya yambiri m'magazi ndipo nambala imatha kukwera kwambiri popanda khansa iliyonse. Ngakhale kugona ndi mayi kunyumba kapena kupalasa njinga mtunda wautali chatsala pang'ono kuyezetsa kumaikweza pang'ono. N'chifukwa chake malangizo ake ndi akuti matenda a mkodzo akatha mudikire masabata 6 kenako muyezetsenso, ndipo masiku awiri omaliza bambo apewe zogonana ndi masewera olimbitsa thupi amphamvu. Ndikudziwa kuti imeneyi mwana wamkazi simungawauze bambo anu maso ndi maso, apempheni adokotala kapena amalume anene ndi iwo.

Za 4 uja musamutenge ngati mpanda woti uku kuli moyo uku kuli imfa. Malire amasuntha ndi zaka, madokotala ambiri kwa munthu wa zaka za m'ma 60 amayamba kufufuza ikaposa 4.5, wa m'ma 70 ikaposa 6.5. Ndipo mwa amuna omwe PSA yawo ili pakati pa 4 ndi 10, akawadula kanyama kukayeza, pafupifupi mmodzi mwa anayi ndi amene amapezeka ndi khansa, atatu enawo ayi. Ikaposa 10 nkhani imasintha, mpata wa khansa umapitirira theka, ndipo ikafika m'mahandiredi nthawi zambiri ndi khansa yomwe yafalikira kale.

Tiyeni titenge bambo anuwa. Tinene kuti papita masabata 6, kuwotcha kunatha, mwayezetsanso yatuluka 4.1. Pamenepo matenda aja ndiwo anaikweza, adokotala angowauza kuti adzabwerezenso pakapita miyezi ingapo. Koma tinene kuti yakakamira pomwepo pa 8.4. Apa funso lotsatira ndi lakuti pulositetiyo ndi yaikulu bwanji, ndipo sikani imayeza zimenezo m'mamililita. Mumatenga PSA n'kugawa ndi kukula kwake. Ngati ndi mamililita 70, 8.4 kugawa ndi 70 ikupereka 0.12, zomwe zili pansi pa 0.15 pomwe madokotala amayambira kukayikira, kutanthauza kuti kukula kokhako kukhoza kufotokoza nambalayo. Koma ngati pulositeti ndi yaing'ono, mamililita 30, yankho ndi 0.28, ndiye funso limabwera lakuti kachinthu kakang'ono chonchi PSA yonseyi kakuitenga kuti? Nambala yomweyomweyo, anthu awiri, nkhani ziwiri zosiyana. Chinanso ndi mayendedwe ake, PSA yokhala malo amodzi zaka zingapo siiopsa ngati yomwe chaka chatha inali 4, lero 6, mawa 9, ndiye mapepala a zotsatira musataye, sungani onse ndi madeti ake.

Kenako pali kuyeza kwa chala kuja komwe azibambo amathawa. Adokotala amavala gulovu n'kulowetsa chala kumbuyo, sizitenga ngakhale mphindi imodzi. Pulositeti yongokula imamveka yosalala, yofewa ngati mnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu mukafumbata dzanja, pomwe yokayikitsa imakhala yolimba ngati mfundo ya chala, ya mabampu, mbali imodzi yosiyana ndi inzake. Chala chikapeza zolimba amawatumiza kwa dokotala wa za mkodzo ngakhale PSA ikhale yotsika, chifukwa khansa zina sizikweza PSA. Kumeneko ndi komwe amajambula ndi makina oona mkati mwa thupi otchedwa MRI ngati alipo, ndi kutenga tinyama ndi singano, ndipo kanyamako ndi kokhako kamene kanganene motsimikiza kuti ndi khansa. Muwauzenso adokotala ngati bambo owabereka bambo anuwo kapena mchimwene wawo anadwalapo khansa imeneyi, chifukwa imayenda kumtundu, komanso amuna akuda imatigwira kwambiri kuposa mitundu ina.

Funso lomwe ndikanakonda mukanayankha mukalatamo ndi la mankhwala omwe akumwa. Tamusulosini, kapisozi ka 0.4 mg kamodzi patsiku, amamasula minofu yozungulira paipi ndipo mkodzo umayamba kuyenda bwino m'masiku ochepa, PSA saikhudza, koma amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira ndiye usiku aziyamba akhala kaye pabedi asanaime. Finasiteraidi ndi wina, amafwetsa pulositeti pang'onopang'ono ndipo pakatha miyezi 6 mpaka chaka amatsitsa PSA ndi theka. Apa ndi pomwe anthu amapusitsika, ngati bambo akhala akumwa ameneyu chaka chonse ndiye 8.4 uja muziwerenga ngati 17 pafupifupi, ndipo zikatero musachedwe kuwauza adokotala. Mankhwala ena a chimfine ogula okha aja amathanso kutsekeratu mkodzo mwa munthu wa pulositeti yaikulu, afunse kaye asanamwe.

Masabata 6 ndanenawa ndi a munthu amene akupeza bwino. Mkodzo ukatsekeka osatuluka ngakhale dontho chinena chitatupa n'kumapweteka, pitani nawo tsiku lomwelo akawaike paipi, musadikire kuche. Chimodzimodzi akayamba kutentha thupi ndi kunjenjemera, kapena miyendo ikayamba kufooka ndi dzanzi, makamaka ngati msana ukuwawanso. Magazi mumkodzo, kuwonda kosadziwika bwino, kupweteka kwa msana kapena m'chiuno kosasiya ngakhale atagona usiku, zimenezo akaonedwe sabata yomweyo osadikira kuyezetsa kwachiwiri. Ngati palibe chilichonse mwa izi, amalize mankhwala awo, achepetse zakumwa kukatsala maola awiri kuti agone, ndipo lembani pakalendala tsiku lobwereza magaziwo kuwerengera kuchokera pomwe kuwotcha kwathera.