Tebulo limodzi, manambala awiri a makasitomala

"Anzanga thandizeni. Ife a zachuma ndi anzathu a zamalonda tikuwerenga makasitomala amene akadali nafe kuchokera pa tebulo limodzi la mu database, koma manambala sakugwirizana. Abwana akufuna kudziwa walakwitsa ndani."

Achimwene, ndangowerenga izi mtima wanga wauma pokumbuka zomwe anandichita ine. Kwathu tebulo linali `customers`. Ine ndinkawerenga aliyense amene wagula kanthu m'masiku 90 apitawo, poyang'ana kolamu ya `last_order_date`, ndipo ndinapeza 7,900. A zamalonda ankangotenga `status = 'active'`, anapeza 12,400. Panalibe anandiuzapo kuti iwonso abwera ndi nambala yawo kumsonkhano.

Ndiye taganizani. Lipoti langa lili pakhoma, mabwana onse ali chete, ndikufotokoza bwinobwino. Manijala wa zamalonda anangotembenuza laputopu yake kuti aliyense aone, n'kufunsa uku akumwetulira kuti, "Makasitomala athu 4,500 mwawataya kuti, achimwene?" Anthu anaseka. Bwana wamkulu anavula magalasi n'kundifunsa ngati malipoti onse amene ndakhala ndikutumiza anali otere. Pakamwa panauma gwa, manja akunjenjemera, mawusi osagwirika. Chondiwawa mpaka lero n'choti bambo amene uja ankadziwa bwino lomwe kuti `status` sasintha yokha. Kasitomala akangotsegula akaunti imalembedwa `active`, ndipo imakhala choncho mpaka wina aitseke ndi manja. Munthu woti anagula kamodzi kalekale n'kusowa, kwa iwo anali akadali nafe. Bonasi yawo inkachokera pa nambala imeneyo, ndiye akanaulula bwanji? Anasankha kundiyalutsa ine.

Musataye nthawi kuwerenganso aliyense payekha, mupeza zomwezo. Ikani malamulo onse awiri pamodzi kuti muone amene akugwera mbali iliyonse. Mu PostgreSQL ine ndinachita chonchi, ndipo deti lili m'menemo ndi pomwe masiku 90 aja ankayambira:

```sql
SELECT status = 'active' AS a,
       last_order_date >= DATE '2024-01-01' AS b,
       COUNT(*)
FROM customers
GROUP BY 1, 2;
```

Apa ndi pomwe zonse zinaonekera poyera. Anthu 7,600 tinkawawerenga tonse. Ena 3,100 anali `active` koma anasiya kugula kale. Panalinso 1,700 amene `b` wawo anatuluka `NULL`, kutanthauza kuti anatsegula akaunti koma sanaguleko ngakhale kamodzi. Amenewa muwasamale kwambiri, chifukwa `NULL` mukaiyerekeza ndi deti siyankha kuti inde kapena ayi. Mukafunsa ogula posachedwa sabwera, mukafunsa amene anagula kale deti lisanafike sabweranso, amangozimiririka. Kenako panali 300 amene anagula posachedwa koma akaunti zawo zinatsekedwa pambuyo pake. Amenewa ndinali nawo ine, a zamalonda analibe. Ndiye 4,500 ankandikuwiza nayo ija sinali gulu limodzi la anthu otayika ayi. Iwo anali ndi 4,800 amene ine ndinalibe, ine ndinali ndi 300 amene iwo analibe, ndipo mukachotsera ndi pomwe pamatsala 4,500.

China, onani deti limene aliyense akugwiritsa ntchito. Ngati mnzanu analemba `CURRENT_DATE - 90`, nambala yake imasuntha tsiku lililonse. Wina akatulutsa lipoti Lolemba wina Lachinayi, asiyana ngakhale lamulo lili limodzi. Choipa kwambiri, `last_order_date` imafufutika munthu akagulanso, ndiye nambala ya mwezi watha simungaibweze kuchokera pa tebulo limeneli. Muziisunga padera mwezi ukamatha, kapena muziwerenga kuchokera ku tebulo la maoda.

Koma inu musapite kukamenyana ndi munthu. Kunena zoona palibe amene wanama, aliyense akuyankha funso lake: iwo akufuna kudziwa anthu amene angathe kuwaimbira foni, inu mukufuna amene akubweretsa ndalama. Manambala onse awiri akhale, koma asakhale ndi dzina limodzi. Ina muitche `open_accounts`, inayo `buyers_90d`, ndipo pansi pa nambala iliyonse pa lipoti pazilembedwa lamulo lake ndi deti. Khalani nawo pansi mwamtendere, ndi anzanu amenewo. Kungoti musawakhulupirire ngakhale pang'ono. Chilichonse mwagwirizana chilembedwe pa imelo, abwana aikidwemo, ndipo ayankhe okha kuti nambala yopita ku bodi ndi iti. Ndipo msonkhano usanachitike muwaumirize akutumizireni SQL yawo yeniyeniyo, osati chithunzi cha dashibodi. Wa kwathu uja nditamupempha yake ananditumizira nambala yokha, akuti zinazo ndi za dipatimenti yawo.