Mita ya madzi ikuwerenga mopereŵera: kodi vuto ndi sensa?

Funso: Ndalumikiza sensa ya madzi ya YF-S201 pa Arduino Uno kuti ndiziŵerenga malita oloŵa mu thanki, koma ndowa ya malita 20 ikadzaza, sikirini ikuonetsa malita osakwana aŵiri. Mnzanga akuti ndigwiritse ntchito intaraputi. Kodi imeneyi siisokoneza pulogalamu imene ikuyenda kale?

Yankho: Musathamangire kugula sensa ina, chifukwa mwachionekere vuto lili m'kaŵerengedwe kanu. Sensa imeneyi imagunda pafupifupi ka 450 pa lita imodzi, choncho madzi akamayenda malita 10 pa mphindi, imagunda ka 75 pa sekondi. Ngati pulogalamu yanu imafunsa pini ndi `digitalRead()` kenako n'kupuma ndi `delay(500)`, kugunda pafupifupi 37 kumadutsa popanda wokuona nthaŵi iliyonse imene yapuma. Njira yofunsafunsa imeneyi, imene amisiri amaitcha polingi, si yoipa konse, ndipo pa batani lodinidwa ndi chala ine ndimaikonda chifukwa ikalakwika cholakwacho sichivuta kupeza. Koma pa sensa yanuyi muyenera kufunsa pini mamilisekondi 6 asanathe, ulendo uliwonse, zimene sizitheka bolodi ikamapuma chotere.

Ndi intaraputi, purosesa siifunsanso. Pini ndiyo imaiitana. Samutsirani waya wa sensa pa pini 2 kapena 3, pakuti pa Uno ndi mapini aŵiri okhaŵa amene `attachInterrupt()` imagwira.

Nkhaŵa yanu njomveka, ndipo yankho lake lili pa zimene zimasungidwa purosesa isanapatuke. Chipi cha ATmega328P, chimene ndi purosesa ya pa Uno, chikaitanidwa, chimayamba chamaliza lamulo limene chili nalo m'manja, kenako chimaika pa sitaki, malo a m'memori osungirako zinthu kwakanthaŵi, adiresi ya lamulo lotsatira, imene ndi mabaiti aŵiri, chimazimitsa biti ya `I` mu rejisita ya `SREG` kuti intaraputi ina isaloŵerere, n'kudumphira ku adiresi ya kapulogalamu kolandira intaraputiyo. Zonsezi zimatenga masaikulo anayi zikachepetsetsa, kumene kuli kota ya maikulosekondi pa 16 MHz. Chipicho pachokha chimalekera pomwepo. Sichisunga marejisita ake 32 ogwirira ntchito, ngakhalenso `SREG` yeniyeniyo.

Kuopsa kwake taonani apa. Tiyerekeze kuti pulogalamu yaikulu yangoyerekeza manambala aŵiri ndi `cp`, yapeza kuti ngofanana, ndipo mbendera ya `Z`, imene ndi biti ya mu `SREG`, yayaka kudikira lamulo la `breq` lodumpha manambala akafanana. Sensa ikagunda pakati pa malamulo aŵiriŵa, kapulogalamu kolandira kamawonjezera 1 pa chiŵerengero, ndipo kuwonjezerako kumasintha `Z`. Pobwerera, `breq` imaŵerenga mbendera ya eni ake n'kuloŵera njira yolakwika. N'chifukwa chake kompayila ya avr-gcc imatsogoza mizere yonga iyi:

```
push r1
push r0
in   r0, 0x3f
push r0
eor  r1, r1
push r24
```

Adiresi ya `0x3f` ndiyo `SREG`. Pamapeto zonse zimachotsedwa pa sitaki ndi `pop` kuyambira chimene chinaloŵa komalizira, ndiyeno `reti` imabweza adiresi ija n'kuyatsanso `I`. Pulogalamu yaikulu imapitirira osadziŵa n'komwe kuti inaimitsidwa. Mukamalemba mu C ntchito imeneyi imachitika yokha, koma wolemba asembule amaichita ndi dzanja, ndipo akaiŵala rejisita imodzi makina amazerezeka kamodzikamodzi mosadziŵika chifukwa.

Chimene kompayila siingakutetezereni ndi chiŵerengero cha `kugunda` chimene pulogalamu yaikulu ndi kapulogalamu kolandira zimagaŵana. Chilembeni ndi `volatile`, apo ayi kompayila ikhoza kuganiza kuti sichisintha n'kuleka kuchiŵerenganso. Komanso purosesa imeneyi imanyamula baiti imodzi pa ulendo, pamene `unsigned int` ili ndi mabaiti aŵiri. Chiŵerengero chikakhala 255, ndiye kuti `0x00FF`, pulogalamu imatenga baiti yam'munsi, `FF`; sensa ikagunda pomwepo nambala imakhala `0x0100`, ndipo baiti yapamwamba imene itengedwe ndi `01`. Zotsatira zake ndi `0x01FF`, kumene kuli 511, nambala imene siinakhaleko. Mukaona malita akulumpha mwadzidzidzi kenako n'kubwerera m'malo mwake, chizindikiro chake n'chimenecho. Mankhwala ake ndi aŵa:

```
noInterrupts();
kope = kugunda;
interrupts();
```

Kugunda kumodzi kukafika intaraputi ili yotsekedwa sikutayika, chifukwa mbendera ya `INTF0` ya pini 2 imakukumbukira, koma mbenderayo ndi biti imodzi yokha, moti kugunda kuŵiri kumaŵerengedwa ngati kumodzi. Pa chifukwa chomwechi, m'kapulogalamu kolandira musaikemo `delay()` kapena kulemba pa sikirini. `kugunda++` yekha ngokwanira, ndipo kugaŵa ndi 450 muchitire mu `loop()`. Kenako dzazaninso ndowa ija, mugaŵe kugunda kumene mwapeza ndi 20, ndipo mugwiritse ntchito nambala imeneyo m'malo mwa 450, popeza masensa ameneŵa amasiyanako pang'ono.